UTOTO WA TSITSI NDI KHUNGU LA PAMUTU

M'mizinda ya ku migodi muli amuna ndi akazi ambiri amene safuna kuti imvi zao zioneke, ndipo pakutha pa mwezi amagula utoto wakuda, umene anthu auchula dayi, kuti adetse nao tsitsi. Ambiri a iwo amadzola napita ku nchito bwino lomwe, osaona bvuto. Koma alipo ena amene amadzuka m'mawa mutu uli zironda, kapena nkhope itatupa kotero kuti maso sangatseguke. Nkhani ino ifotokoza cimene cimatentha khungu, m'mene mafuta a vaselini amalicinjirizira, pamene mafutawo alekeza mphamvu yao, ndiponso zizindikiro zimene zimuuza munthu kuti atsuke mutu nthawi yomweyo.

Cimene cimatentha

Tsitsi liri lonse liri ndi timamba tating'ono kunja kwace, tosanjikizana monga mamba a nsomba. Utoto umene ukhalitsa, wosacoka pakusamba, uyenera kulowa kunsi kwa timambato. Cifukwa ca ici opanga utoto amaikamo mankhwala aukali monga amoniya, amene amatupitsa tsitsi ndi kutsegula timamba. Ndiye cifukwa cace utoto wambiri uli ndi pfungo lolasa m'mphuno. M'bokosi mumakhalanso botolo laciwiri la mankhwala ochedwa pelokisaidi, amene acotsa mtundu wakale wa tsitsi nakhwimitsa mtundu watsopano m'kati mwace. Utoto waufa, wosungunula ndi madzi, uli ndi mankhwala ena amene amasanduka pelokisaidi yemweyo akanyowa.

Tsono khungu la kunja ndi tsitsi nzopangidwa ndi cinthu ca mtundu umodzi, ndipo mankhwala sadziwa kusiyanitsa. Cimene cifewetsa tsitsi cifewetsanso khungu. Cikakhalapo nthawi yaifupi khungu lamoyo limapirira, koma cikakhalitsa, kapena cikapeza pamene pali kabala, cimayamba kudya mnofu.

Ukali wa pelokisaidi umalembedwa pa botolo. Ya voliyumu 10 iri ndi magawo 3 pa 100, ya voliyumu 20 iri ndi magawo 6, ya voliyumu 30 iri ndi magawo 9, ndipo ya voliyumu 40 iri ndi magawo 12. Pakudetsa imvi, ya voliyumu 20 ndiyo imagwira nchito masiku onse, ndipo palibe cifukwa cofunira yoposa pamenepo. Ya 30 ndi ya 40 nzoyeretsera tsitsi kuti likhale lofiira kapena loyera, monga acitira anyamata ndi asungwana ena. Zironda zakuya za pamutu zimacokera kawiri kawiri ku mankhwala oyeretsawa, makamaka pamene awonjezerapo kutentha.

Mabvuto awiri osiyana

Utoto umabvulaza munthu mwa njira ziwiri, ndipo amene sazisiyanitsa amadalira cinjirizo losayenera.

Njira yoyamba ndiyo kupsa. Kupsa kungagwere munthu ali yense, kumayamba utoto ukali pamutu, ndipo kumakula monga mwa ukali wa mankhwala ndi utali wa nthawi.

Njira yaciwiri ndiyo kudana kwa thupi ndi mankhwala ena a mu utoto, amene dzina lao lalitali amalifupikitsa ndi malemba atatu, PPD. Mankhwalawa ndiwo apatsa utoto kuda kwace, ndipo utoto wakuda bii ndiwo uli nao ambiri. Munthu angadzole utoto umodzimodzi zaka zambiri osaona kanthu, ndipo tsiku lina thupi lace liyamba kuwakana. Kukana kumeneku sikuoneka msanga. Kawiri kawiri kumadza patapita maora angapo, kapena tsiku limodzi kufikira masiku atatu: mutu uyabwa koopsa, m'makutu ndi pamphumi muturuka timatuza tokha madzi, zikope zitupa. Thupi likayamba kukana PPD limakana moyo wonse.

Vaselini athandiza pa kupsa kwa khungu la m'mphepete mwa tsitsi. Pa kudana kwa thupi sathandiza konse, pakuti utoto wocepa umene ukhudza khungu pakati pa tsitsi ukwanira kudzutsa nthendayo. Cimene cithandiza apo ndico kuyesa utoto masiku awiri tsiku lodzola lisanafike, monga mudzafotokozedwa m'munsimu.

Nchito ya vaselini

Amene anayamba kupanga vaselini ndiye Robert Chesebrough wa ku Amereka. M'caka ca 1859 iye anapita ku zitsime za mafuta ku Pennsylvania, naona anchito alikudzola pa mabala ao phula limene linali kukangamira pa zitsulo za mipope. Analiyenga phulalo kufikira linayera, ndipo m'caka ca 1872 boma la dziko lace linamupatsa kalata ya umwini wa kapangidwe kace. Mphamvu ya mafutawa iri pa cinthu cimodzi: sasanganizika ndi madzi. Utoto wa tsitsi ngwamadzi, motero ukafika pa khungu lodzola vaselini umangokhala pamwamba, monga mvula pa tsamba la nthoci. M'masitolo muli mafuta enanso opangidwira nchito yomweyi, koma vaselini woyera wopanda zonunkhiritsa akwanira. Mafuta odzola amadzimadzi sayenera, cifukwa amalowa m'khungu nauma msanga, ndipo mafuta ophikira amayenderera kulowa m'tsitsi ndi m'maso.

Pa cifukwa comweco vaselini sayenera kukhudza tsitsi. Pali ponse pamene wakhudza, utoto sugwira, ndipo pamatsala mzere wa imvi pamphumi peni peni, pamene mwini wace anafunitsa kubisa. Apa pali kusiyana ndi mankhwala oongolera tsitsi. Akazi amene amaongola tsitsi adziwa kuti mafuta amadzolwa pa khungu lonse la mutu asanayambe. Pa utoto sitero iai, pakuti imvi ziyambira ku mizu, ndipo mafuta a pa mutu wonse angalepheretse nchito yonse. Vaselini aikidwa m'malire mokha: pamphumi, pa litsipa, pamwamba ndi kumbuyo kwa makutu, ndi pankhongo potsikira m'khosi.

Nanga khungu la pakati pa tsitsi licinjirizidwa ndi ciani? Licinjirizidwa ndi mafuta a cibadwidwe amene khungu limaturutsa lokha. Cifukwa cace munthu asatsuke mutu ndi sopo tsiku limodzi kapena awiri asanadzole, ndipo asaukande ndi zikhadabo kapena ndi cipeso colimba. Pamwamba pa izi khungulo liyenera kukhala lopanda bala. Mutu wa zipere, wa tiziphuphu, wa mfundu yonyenyeka mpaka kufiira, kapena wocekeka ndi lezala, sulandira utoto kufikira utapola. Mkazi amene wamasula malukidwe othina alindire masiku angapo, pakuti mizu yakokedwa ndipo khungu likali lanthete. Amene waongola tsitsi ndi mankhwala alindire masabata awiri asanaike utoto wokhalitsa.

Citsanzo ca mwamuna wa ku mgodi

Citsanzo cace cikhale ca mwamuna wa zaka 45, wogwira nchito pansi pa mgodi, amene afuna kudetsa imvi zace Loweruka kuti akaoneke bwino pa ukwati wa mwana wa mlongo wace. Mkazi wace ndiye adzamudzoza.

Nchito iyamba Lacinai. Mkaziyo atenga utoto pang'ono, monga mwa cilangizo ca pa pepala la m'bokosi, napaka pa kadanga kang'ono ngati cikhadabo, kumbuyo kwa khutu kapena m'kati mwa cigongono. Pamenepo apayang'anira maora 48. Pakafiira, pakatupa kapena pakayabwa, utotowo suyenera kufika pamutu konse. Kuyesa kumeneku kucitike nthawi iri yonse pamene munthu afuna kudzola, ngakhale utoto uli womwewo wa caka catha, pakuti thupi limasintha.

Lacisanu mwamunayo asapite kukametetsa m'mbali ndi lezala. Ometa amakonda kuongola malire a tsitsi ndi lezala ndi kuthirapo utoto pomwepo, koma lezala limasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo m'menemo ndimo mankhwala alowera. Kumeta kudze pambuyo pace, tsiku lina. Mkazi ayang'anenso pamene lamba wa cisoti ca m'mgodi amakhula, pamphumi ndi pankhongo, cifukwa thukuta ndi pfumbi zimanyula khungu pamenepo. Pakakhala posupuka, nchito iimitsidwe. Pakuturuka m'mgodi tsiku limenelo mwamunayo atsuke mutu ndi madzi okha, mosakhula.

Loweruka, asanatsegule botolo, atunge madzi. M'makomboni madzi a pa mpopi amatha mosacenjeza, ndipo munthu amene mutu wace ulikupsa alibe nthawi yopita ku citsime. Zidebe ziwiri za malita 20 zikhale pafupi, zodzala madzi oyera osatentha, pamodzi ndi kapu, beseni, thaulo ndi wochi. Akhale pa khonde kapena pa zenera lotsegula, pamthunzi.

Mkazi atapa vaselini ndi cala, nalemba mzere wocindikala m'malire monse mwa tsitsi, wa m'lifupi ngati zala ziwiri. Dzanja lina ligwira tsitsi kulikankhira m'mbuyo kuti mafuta afike m'mphepete mwace osalikhudza. Mzerewo uoneke wonyezimira. Ngati aupaka mpaka kuzimirira monga acitira podzola thupi, wacepa. Makutu apakidwe onse, kutsogolo, pamwamba ndi m'khwinya la kumbuyo, pakuti khungu la pamenepo nlopyapyala ndipo utoto umakonda kusonkhanapo. Ena amayala kacingwe ka thonje pamwamba pa mafutawo kuti kagwire madontho. Ici ncabwino, koma thonje likanyowa ndi utoto licotsedwe msanga, cifukwa likakhalapo lisanduka nsaru yosungira mankhwala pa khungu. Atatha apo, mkazi asamba m'manja kucotsa mafuta, nabvala magolovesi.

Asanganiza utoto m'mbale yosakhala yacitsulo, pa muyeso wolembedwa, osaonjezera pelokisaidi kapena ufa kuti ude msanga. Apaka ndi kaburashi pa tsitsi, osakhula pa khungu, ndipo dontho liri lonse logwera pa nkhope kapena m'khosi alipukuta pomwepo ndi kansaru konyowa. Ayang'ana wochi. Utoto wambiri ufuna mphindi ngati 30, ndipo nthawi yeni yeni yalembedwa pa pepala. Kupitirira nthawiyo kuonjezera ngozi popanda phindu. Mwamunayo asabvale pepala lapulasitiki kumutu ngati cilangizo sicinatero, asakhale padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, cifukwa kutentha kumafulumizitsa mankhwala.

Zitapita mphindi zisanu mwamunayo amva kunyerenyesa pang'ono pa mutu wonse. Kumeneko sikudabwitsa, pokhapo ngati kuli kofatsa ndipo kulikucepa. Koma zitapita mphindi 12 anena kuti pankhongo, pamene lamba wa cisoti amapita, palikutentha ngati tsabola, ndipo kutenthako kulikukula. Zatsala mphindi 18 kuti nthawi ikwane, ndipo utoto anaugula ndi ndarama. Apa ndipo pamene anthu ambiri amalakwa, pakuti pali cikhulupiriro cakuti kuwawa ndico cizindikiro cakuti mankhwala alikugwira nchito, ndi kuti mwamuna apirire. Cikhulupiriro cimeneci ncabodza. Tsitsi liribe mitsempha ya kumva. Cimene cilikumva kuwawa ndi khungu, ndipo cilikubvulala. Mkaziyo acita bwino akatenga kapu nthawi yomweyo. Tsitsi losada bwino lingadzolwenso pakapita masabata, koma khungu likapsa kufikira ku mizu limasiya cipsera pamene tsitsi silidzameranso.

Zizindikiro zotsukira pomwepo

Lamulo lace nlapafupi: kumva kumene kulikucepa kungayang'aniridwe, kumva kumene kulikukula kufuna madzi. Munthu atsuke mosazengereza akamva kutentha kapena kulasa kumene kulikuonjezeka, makamaka kukakhala pa malo amodzi. Atsuke akamva mutu ulikufunda weni weni, kapena akaona mankhwala alikutupa ndi kucita thobvu. Ici cimacitika kawiri kawiri ndi mankhwala oyeretsa okulungidwa m'timapepala tonyezimira. Atsuke akamva kuyabwa kwakuti sangathe kuleka kukanda, ndiponso pamene womudzoza aona khungu lafiira, latupa, lacita zidzolo kapena latuwa. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, cotero mau a mwini mutu ndiwo akhulupiridwe koposa maso a wodzoza. Utoto ukalowa m'diso, diso litsukidwe coyamba ndi madzi oyera kwa mphindi 15 kapena kuposa, cikope ciri cotsegula.

Pali zizindikiro zina zosoweka, koma zoopsa koposa zonse. Milomo, lilime kapena zikope zikayamba kutupa m'mphindi zocepa, pakhosi pakathina, mau akasasa, kupuma kukabvuta kapena kukalira ngati mluzu, munthu akacita cizungulire kapena akafuna kukomoka, ndiye kuti thupi lonse lakana mankhwalawo ndipo moyo uli pa ngozi. Pamenepo wina athire madzi kucotsa utoto mwamsanga pamene wina alikufuna galimoto, ndipo wodwalayo apite ku cipatala osayembekeza kuti mphindi za kutsuka zikwane. Jekeseni imene ipulumutsa pa nthenda yotere, ya adirenalini, iri ku cipatala.

Katsukidwe kace

Anchito a ku migodi amene amagwira asidi anaphunzitsidwa kale cimene cifunika: madzi ambiri, nthawi yaitali. Ndi momwemonso pano. Mwamunayo aweramitse mutu cagada kapena cam'mbali, kuti madzi akuda asatsikire m'maso, atatsinzina. Thonje ndi timapepala zicotsedwe, ndi malaya amene adonthera utoto abvulidwe. Madzi akhale ozizira pang'ono kapena ofunda pang'ono, osati otentha. Mkazi athire kapu ndi kapu, akutsegula tsitsi ndi nsonga za zala mofatsa kuti madzi afike pa khungu, osakhula ndi zikhadabo. Tsitsi lopotana limasunga mankhwala pansi pace, motero madzi angaoneke oyera pamwamba pamene kunsi kukali utoto.

Utoto wooneka ukatha, atsuke kamodzi kapena kawiri ndi shampu kapena sopo wofatsa, amene adzacotsanso vaselini pamodzi ndi utoto wokangamira pamwamba pace. Pamene khungu lapsa, apitirize kuthira madzi mphindi 20, ndipo ngati kuwawa kukalipo athirebe. Mankhwala aukali amtundu uwu amapitiriza kudya khungu ngakhale atacoka pamwamba, ndiye cifukwa cace kutsuka kwa mphindi ziwiri sikukwanira.

Asathirepo mandimu kapena viniga poyesa kupha ukali wa mankhwala, pakuti pa khungu losupuka zimangoonjezera bala. Asapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, phulusa, spiriti kapena mafuta a galimoto. Ndipo vaselini, amene anali bwenzi nchito isanayambe, asapakidwe pa malo owawa mutu usanatsukidwe bwino, cifukwa angatsekere mankhwala pa khungu. Kutsuka kukatha, ngati patsala kufiira kokha ndi kuuma, apo mafuta pang'ono athandiza.

Pamene pafunika cipatala

Mwamuna wa m'citsanzo cija, pokhala anatsuka msanga, angatsale ndi kadanga kowawa kamene kadzasenda ndi kupola m'masiku ocepa. Aike kansaru koyera kofewa pansi pa lamba wa cisoti kufikira patapola. Koma munthu apite ku cipatala tsiku lomwelo ngati paturuka matuza, ngati khungu lasupuka kapena lilikukha madzi, ngati pali kadanga kotuwa kapena kouma gwa kamene sikamva kukhudza, ngati utoto unalowa m'diso, kapena ngati kuwawa sikuleka atatsuka. Malo osamva kuwawa pakati pa bala ndiwo oopsa, pakuti angatanthauze kuti kupsa kwalowa pansi. Matuza asaboledwe, ndipo tsitsi limene lamatirira pa bala lisazulidwe. Pafundidwe ndi nsaru yoyera. Bokosi la utoto ndi pepala lace zipite naye, kuti dotolo aone mankhwala amene ali m'menemo.

Masiku atatu otsatira akhale a kuyang'anira, ngakhale kwa munthu amene sanamve kanthu podzola. Kuyabwa, kutupa kwa nkhope ndi timatuza ta m'makutu zikadza, ndiko kudana kwa thupi kuja, ndipo kufuna mankhwala a dotolo. Mafinya, pfungo loipa kapena kutentha kwa thupi zisonyeza kuti bala lalowa tizirombo.

Amene thupi lace lakana PPD asaganize kuti adzapulumuka pogula utoto wa dzina lina, pakuti utoto wokhalitsa wambiri uli ndi mankhwala omwewo kapena abale ace. Bokosi lolembedwa kuti mulibe amoniya lingakhale ndi PPD. Momwemonso cimene agulitsa ndi dzina la hena wakuda: hena weni weni, wa masamba, apatsa mtundu wofiirira, ndipo wakuda bii amakhala wosanganiza ndi PPD kawiri kawiri. Munthu amene anatupa atalembedwa zokometsera pa mkono ndi hena wakuda asayandikire utoto wa tsitsi asanafunse dotolo. Utoto wa kumutu suyenera kufika pa nsidze kapena pa zikope, ndipo opanga ace amacenjeza kuti sunapangidwire ana osafika zaka 16.

Kukonzekera konse kumene kwafotokozedwa pano kufuna zinthu zocepa: kabotolo ka vaselini, wochi, zidebe ziwiri za madzi, ndi masiku awiri a kuyesa. Cotsala ndi pangano pakati pa wodzola ndi womudzoza, lopangana botolo lisanatsegulidwe, lakuti mwini mutu akangonena kuti palikutentha, winayo sadzayang'ananso wochi, koma adzatenga kapu.